Mphindi ziwiri zoyamba: momwe tinakonzekerera intavyu ya mtsikana wa ku Mchinji wopempha thandizo la maphunziro

Ndimaphunzitsa Chingerezi pa sukulu ina ya sekondale yoyendera m'boma la Mchinji. Popeza panalibe wina woifuna ntchitoyi, ndine amene ndimathandizanso ana kulemba mafomu a ku yunivesite ndi opempha thandizo la maphunziro. Lipotili ndalembera aphunzitsi anzanga ogwira ntchito ngati yomweyi. Likunena za mtsikana mmodzi ndi funso limodzi lokha, lija limatsegula pafupifupi intavyu iliyonse: tiuzeni za inu mwini. Dzina la mtsikanayo sinditchula, ngakhalenso la bungwe lomwe linamuitana. Intavyuyo inachitika m'Chingerezi, koma mawu ake ndawalemba m'Chichewa monga momwe tinkawaganizira tili awiri.

Mwini nkhani

Anali ndi zaka 19, woyamba kubadwa m'banja la ana asanu. Bambo ake anamwalira iye ali Sitandade 7, ndipo amayi ake amalima chimanga ndi mtedza pa munda wosakwana maekala awiri. Mayeso a MSCE anapeza mapointi 15 pa maphunziro asanu ndi limodzi omwe anakhoza bwino: 1 pa Zaulimi, 2 pa Bayoloje, 2 pa Chichewa, 3 pa Kemisitire, 3 pa Masamu ndi 4 pa Chingerezi. Pa sukulu ngati yathu, yomwe zoyesera za sayansi timachita kubwereka, amenewa ndi mapointi otchuka nawo mudzi wonse. Bungwe la NCHE linamusankha kupita ku LUANAR, ku Bunda, kukachita maphunziro a zakudya.

Kusankhidwa ndi kwina, kukafika m'kalasi ndi kwinanso. Fomu ya ngongole ku bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a m'sukulu zaukachenjede tinalemba, koma ngongole si aliyense amaipeza, ndipo woipezayo adzabweza. Choncho tinalembanso fomu ya bungwe lina loima palokha, lomwe limalipirira atsikana ochokera kumidzi fizi, malo ogona ndi chakudya. Patapita nthawi kunabwera uthenga pa foni ya amalume ake woti akaonekere ku Lilongwe. Kalata yotsatira uthengawo inanena kuti intavyu idzatenga mphindi 20, ofunsa adzakhala atatu, ndipo bungwelo limafuna ophunzira amene ali ndi cholinga chodzabwezera kwawo zomwe aphunzira. Tinali ndi masabata atatu.

Zomwe anabwera nazo tsiku loyamba

Ndinamuuza kuti alembe yekha mawu odzifotokozera, ndisanamuuze kalikonse. Ndimatero dala, chifukwa pepala loyamba limandionetsa zomwe mwana akuganiza kuti akuluakulu amafuna kumva. Anabwera ndi masamba awiri ndi theka a m'kope. Nditamuwerengetsa mokweza, foni ili pa tebulo kuwerenga nthawi, zinatenga mphindi zisanu ndi imodzi.

Tsamba loyamba lonse linali umphawi. Imfa ya bambo, denga lodontha, kugona ndi njala mwezi wa Febuluwale, maganyu opalira m'minda ya eni, kuthamangitsidwa kusukulu chifukwa cha fizi. Zonse zinali zoona, zina mwa izo ndinaziona ndi maso anga. Tsamba lachiwiri linali malonjezo. Akadzamaliza sukulu adzatukula dera lake, adzathetsa kunyentchera kwa ana, adzalimbikitsa atsikana kuti asamakwatiwe msanga, adzamanga fakitale yoyenga mafuta a mtedza yomwe idzalembe ntchito achinyamata ambiri. Anamaliza ndi kupempha kuti amumvere chisoni.

Vuto la pepalali silinali bodza ayi. Vuto linali loti mtsikana aliyense amene adzakhale pa benchi panja pa chipinda chija akanatha kuliwerenga ngati lake, osasintha liwu ndi limodzi lomwe. Bungwe lomwe limathandiza atsikana osauka a kumidzi limaitana atsikana osauka a kumidzi okhaokha. Za umphawi ofunsawo anawerenga kale pa fomu, pali kalata ya ahedi ndi chidindo cha amfumu. Ukawabwerezera zomwezo kwa mphindi zitatu, watha nthawi yako pa chinthu chimene sichikukusiyanitsa ndi mnzako. Malonjezo aja nawonso ofunsa amawamva kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ndipo lonjezo lalikulu limaitana funso lalikulu. Ukatchula fakitale, wina akufunsa kuti makina agulidwa ndi ndalama zochokera kuti, magetsi afika liti m'mudzimo, mafutawo agula ndani. Ndinamufunsa mafunso atatu omwewa. Anangoyang'ana pansi.

Ndinamuuza kuti, "Iwe, fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Fakitale ili pachala. Tiye tifufuze chomwe uli nacho kale."

Kupeza chinthu chakechake

Apa ndi pomwe panagona ntchito yeniyeni, ndipo panatitengera sabata yathunthu. Njira yanga ndi yosavuta: ndimasiya pepala pambali n'kuyamba kucheza naye m'Chichewa za ntchito za pakhomo, mwezi ndi mwezi, kuyambira mvula yoyamba. Sindifunsa kuti ukufuna kudzachita chiyani. Ndimafunsa kuti umachita chiyani, ndipo n'chiyani chimakunyansa pa momwe zinthu zimachitikira kwanu. Mwana amene chinthu china chimamunyansa amakhala kuti wachiganizirapo kale.

Tinadutsa nyengo yodzala, yopalira, ya zitheretso, osapeza kanthu. Titafika pa kukolola mtedza, mawu ake anasintha. Anandiuza kuti chaka chimene anali Fomu 3 anakangana ndi amayi ake chifukwa cha chuku. M'kalasi ya Zaulimi anaphunzira kuti mtedza ukachita chuku umakhala ndi poizoni wotchedwa afulatokisini, amene amawononga chiwindi ndipo satha ngakhale uukazinge kapena kuuphika. Atafika kunyumba anaona zomwe wakhala akuziona moyo wake wonse, koma tsopano ndi maso ena. Amayi ake amawaza madzi pa mtedza wa makoko usiku kuti m'mawa usamavute kusenda, popeza makoko ouma gwa amapweteka zala. Akasenda amasankha. Wabwino, wonona, umapita kwa mavenda. Wofwifwa, wosweka ndi wakuda uja umatsala pakhomo, ndipo ndi umene amasinja kukhala nsinjiro zotendera ndiwo ndi kuthira m'phala la mwana wamng'ono. Kunena kwina, mtedza woipitsitsa m'munda monse umathera m'mimba mwa wamng'ono kwambiri pakhomopo.

Ndinamufunsa kuti, "Ndiye unatani?"

"Madamu, ndinangowauza kuti asiye. Anandikalipira kuti sukulu yandipatsa matama, iwo anakula akudya mtedza womwewo."

"Basi unasiya?"

Sanasiye. Anayamba kusenda yekha mtedza wa pakhomo osauwaza madzi, n'kumapatula ndowa imodzi ya mtedza wabwino yoti ikhale ya phala la mng'ono wake, amayi asanagulitse. Mtedza wothothola anasiya kuuyanika pa dothi, anayamba kuuyala pa matumba akale omwe anawang'amba n'kuwasoka pamodzi. Chaka chotsatira amayi ake anasiya okha kuwaza madzi pa mtedza wodya, ngakhale pa wogulitsa anapitiriza. Azakhali ake ndi mayi wina woyandikana nawo anatengera zopatula ndowa ya ana.

Zonsezi pa masamba awiri ndi theka aja panalibe. Nditamufunsa chifukwa chake, anati ankaona ngati ndi nkhani ya kukhitchini, yosayenera kuuza anthu ophunzira. Izi ndaziona kwa ana ambiri a kumidzi. Chimene akuchidziwa kuposa wofunsa aliyense ndi chimene amachibisa, n'kumakatola mawu akuluakulu a pa wailesi.

Nkhani ya chuku inali ndi ubwino winanso. Ikugwirizana ndi maphunziro omwe anasankhidwira, ikugwirizana ndi 1 wake wa pa Zaulimi, komanso ndi nkhani ya boma lake. Mchinji ndi kwawo kwa mtedza, ndipo alimi a m'bomali omwe ali pansi pa NASFAM anagulitsapo mtedza wawo mpaka ku Ulaya, kumene malamulo a afulatokisini ndi okhwima kwambiri: mu mtedza woti anthu adye, poizoniyu asapyole magawo 4 pa biliyoni. Wofunsa aliyense wodziwa zaulimi akamva Mchinji, mtedza ndi chuku m'chiganizo chimodzi amadziwa kuti mwanayu sakupeka.

Chinkasowa ndi umboni woti vutoli si la pakhomo pawo pokha. Ndinamutuma kuti atenge kope, apemphe chilolezo kwa amfumu kudzera mwa amalume ake, ndipo ayende m'makomo 30 a m'mudzi mwawo ndi mafunso atatu okha: mumayanika pati, mumawaza madzi posenda, woipa wosankhidwa uja mumatani nawo. Anayenda masiku anayi. Makomo 22 anati amawaza madzi. Makomo 26 anati wosankhidwawo amadya. Ndinamuchenjeza kuti kumeneku si kafukufuku wa akatswiri ndipo asakakutchule choncho. Mtedzawo sanaupime, sakudziwa kuti muli poizoni wochuluka bwanji. Akanene zomwe anachita basi: ndinafunsa makomo 30, anandiyankha motere. Ndinamutumanso kwa alangizi a zaulimi a m'dera lawo kuti akamve zomwe iwo amaphunzitsa kale pa nkhaniyi, kuopa kukaoneka ngati iye ndiye woyamba kuona chuku m'Malawi muno.

Kumanga mawuwo

Mphindi ziwiri, kwa munthu wolankhula Chingerezi modekha, ndi mawu pafupifupi 230. Tinagwirizana kuti dzina, kwawo, banja ndi mapointi zitenge masekondi 30 okha. Umphawi tinaupatsa chiganizo chimodzi. Iye anadandaula kuti ndikuchepetsa mavuto ake, ndipo ndinamumvetsa, koma ndinamuuza kuti chiganizo chimodzi chonenedwa mosagwedera chimalemera kuposa tsamba lonse lolira. Akafuna kumva zambiri adzafunsa okha. Nthawi yotsalayo inapita ku chuku: chomwe anaona, chomwe anachita, chomwe akusowa kuti achite bwino, ndi chomwe adzachite.

Pa zolinga tinasiyanitsa za pafupi ndi za patali. Za pafupi ziyenera kukhala zoti angathe kuzichita ali mwana wa sukulu wopanda ndalama, pa holide. Za patali zikhale chimodzi, ndipo anene poyera kuti ndi za patali. Fakitale tinaichotseratu. Za maukwati a ana tinazichotsanso, osati chifukwa n'zosafunika, koma chifukwa pa nkhani imeneyo analibe chilichonse chomwe anachitapo ndi manja ake.

Mawu omaliza anali otere:

"Ndimachokera ku Mchinji, m'mudzi wa alimi a mtedza. Ndine woyamba mwa ana asanu, ndipo chimwalirireni bambo anga akutilera ndi amayi okha ndi munda wosakwana maekala awiri. Ndinaphunzira pa sekondale yoyendera, ndinapeza mapointi 15, ndipo ndasankhidwa kukachita maphunziro a zakudya ku LUANAR. Ndili Fomu 3 ndinaphunzira za poizoni wa m'chuku, ndipo ndinazindikira kuti kwathu mtedza wabwino timagulitsa, woipa n'kumasinjira ana m'phala. Ndinayamba kupatula ndowa imodzi ya mtedza wabwino ya mng'ono wanga. Amayi anakana poyamba, koma tsopano amachita okha, pamodzi ndi makomo ena awiri. Mwezi uno ndafunsa makomo 30 a m'mudzi mwathu. Makomo 22 amawaza madzi posenda, ndipo 26 amadya mtedza woipa wosankhidwa. Ndikudziwa kuti vuto lilipo, koma sindidziwa kupima kwake, ndipo sindidziwa njira yosendera yomwe singapweteke zala za amayi. Ndi zimene ndikufuna kukaphunzira. Ndili pa sukulu, holide iliyonse ndidzagwira ntchito ndi gulu la banki m'khonde la amayi anga, la anthu 18, mothandizana ndi alangizi athu, kuti khomo lililonse lizipatula mtedza wa ana lisanagulitse. Ndikadzamaliza ndikufuna kudzagwira ntchito yoona ubwino wa zakudya m'boma lathu, kuti alimi azitha kupimitsa mtedza wawo pafupi. Thandizo lanu ndi limene lingandifikitse m'kalasi."

Onani kuti muli malo awiri pomwe akuvomera kuti sadziwa. Aphunzitsi ena amaopa zimenezi, amati mwana asaonetse kufooka. Ine ndimaona mosiyana. Wopempha thandizo la maphunziro amene akudziwa kale zonse, sukuluyo akukaifuniranji?

Ulemu wa kwathu ndi chipinda cha intavyu

Mawu atakonzeka, panatsala thupi. Mtsikanayu analeredwa bwino, ndipo kuleredwa bwino kwa kwathu kumati polankhula ndi akulu yang'ana pansi, tsitsa mawu, usadzitame. Akalowa mu ofesi ya aphunzitsi ankagwada pafupi ndi chitseko. M'chipinda cha intavyu, khalidwe lomweli ena amaliwerenga ngati mantha kapena kusadziwa. Ngakhale ofunsa a Chimalawi, omwe akudziwa bwino kuti ndi ulemu, sangapereke malikisi pa mawu omwe sanawamve.

Sindinamuuze kuti ulemu wake ndi wolakwika, chifukwa si wolakwika, ndipo mwana ukamuuza zotero amalowa m'chipinda atavala khalidwe la eni, n'kumaoneka ngati wachipongwe. Tinangogwirizana pa zinthu zochepa. Polowa apereke moni, anyonyomale pang'ono monga mwa chizolowezi chake, koma asagwade. Adikire kuuzidwa kuti akhale. Poti kuyang'ana munthu wamkulu m'maso kunkamulemera, ndinamuuza kuti aziyang'ana pa chipumi cha amene wafunsayo, kenako n'kutembenukira kwa ena awiriwo kamodzi kapena kawiri. Za kukweza mawu tinayeserera m'kalasi yopanda anthu, iye kutsogolo, ine pa desiki ya kumbuyo kwenikweni. Ndikapanda kumva ndinkangokweza dzanja, iye n'kubwereza.

Chovuta kwambiri chinali liwu loti "ine". Poyeserera ankangoti "tinayamba kupatula mtedza", "tinafunsa makomo". Ndikamufunsa kuti inu ndi ndani, ankaseka mwamanyazi. Kwa iye kunena kuti ndinachita ndine kunali kudzichemerera. Ndinamuuza kuti kudzitama ndi kunena kuti ndine wanzeru, ndine wolimbikira. Kunena kuti ndinayenda makomo 30 ndi kupereka lipoti, monga momwe amachitira akatumidwa kuchigayo. N'chifukwa chake m'mawu ake aja mulibe paliponse pomwe akudzitchula wolimbikira kapena mtsogoleri. Muli zochita zokhazokha.

Pomwe ndinalakwitsa ine

Sabata yachiwiri ndinamuyeserezetsa mawu aja kambirimbiri, mpaka anawaloweza ngati ndakatulo ya pa tsiku lotsekera sukulu. Ndinkasangalala, chifukwa ankatha mu mphindi ziwiri ndendende. Kenako ndinapempha aphunzitsi anzanga awiri ndi mayi wina wopuma ntchito ya unamwino, amene mtsikanayu sankamudziwa, kuti akhale ofunsa oyeserera. Ali pakati, pa chiganizo cha ndowa ya mng'ono wake, mayi uja anamudula n'kufunsa kuti mng'ono wakeyo ali ndi zaka zingati. Anayankha bwino. Koma pobwerera ku mawu ake anasowa polowera. Anakhala chete, kenako anayambiranso pa chiyambi penipeni, kuti ndimachokera ku Mchinji.

Chizindikiro cha mawu oloweza n'chimenechi, ndipo pali chinanso: liwiro silisintha. Munthu wonena zomwe akuziganiza amafulumira pena, amaima pena. Woloweza amayenda ngati njinga yotsika mtunda, ndipo maso amakwera kudenga kukafuna mzere wotsatira. Kulakwa kunali kwanga. Ndinamulanda pepala lija n'kumusiyira mawu asanu okha oti aziwerengera pa zala: kwathu, chuku, ndowa, makomo, holide. Masiku otsalawo ankanena nkhani yake kuchokera pa zala, tsiku lina m'Chichewa, tsiku lina m'Chingerezi, ine n'kumamudula dala paliponse. Chingerezi chake chinatsikako pang'ono, ziganizo zina zinkapotoka, ndipo nthawi inkafika mphindi ziwiri ndi theka. Ndinazilola. Ankamveka ngati munthu tsopano.

Pa kuyeserera komweko panatuluka funso lomwe sindinaliganizire. Mphunzitsi wa Masamu anamufunsa kuti, ukapita ku Bunda, n'kupeza ntchito ku Lilongwe, n'kukwatiwa konko, kumudzi udzabwereradi? Iye anayankha msanga kuti adzabwerera ndithu, sangataye kwawo. Tinakambirana kuti yankho lotere aliyense amapereka ndipo palibe amalikhulupirira. Loona n'lakuti ntchito za omaliza maphunziro a zakudya sizipezeka m'mudzi mwawo, ndipo sangalonjeze komwe adzalembedwe ntchito. Chomwe angalonjeze ndi holide, gulu la amayi 18 lija, ndi kuti ntchito yomwe akuifuna ndi yokhudza alimi ngati amayi ake kulikonse komwe angakhale. Anawonjezera yekha mfundo yomwe ine sindikanaiganiza: kwawo ndi kwa chikamwini, munda ndi wa mbumba ya amayi ake, ndiye iye monga mwana wamkazi woyamba ali ndi gawo m'mudzimo ngakhale atakhala kutauni.

Tsiku la intavyu

Anapita dzulo lake ndi amalume ake, n'kugona kwa achibale ku Lilongwe, chifukwa kudalira minibasi ya m'mawa kuchokera ku Mchinji pa tsiku ngati limeneli n'kudziika pa mpanipani. M'chikwama munali chiphaso chaunzika, chikalata cha zotsatira za MSCE, kalata yomuitana ndi kope lija la makomo 30. M'chipindamo ine munalibe. Zotsatirazi anandifotokozera madzulo a tsiku lomwelo pa foni, ndipo ndinazilemba nthawi yomweyo.

Ofunsa anali amayi awiri ndi bambo mmodzi. Funso loyamba linali lomwe lija. Anati anayamba mawu akunjenjemera, anaiwala kutchula mapointi ake, koma atafika pa chala cha chuku mtima unakhazikika. Atamaliza, mafunso ambiri otsatira anachokera m'mawu ake omwe, ndipo ichi ndi chimene timafuna: mphindi ziwiri zoyamba zimasankha njira yomwe mphindi 18 zotsala zidzadutse. Mayi mmodzi anapempha kuona kope. Analitsegula, n'kufunsa chifukwa chake makomo anayi aja sadya mtedza wosankhidwa. Anayankha kuti atatu amapatsa nkhuku ndi nkhumba, limodzi limagulitsa wonse osasankha.

Bambo uja ndiye anafunsa funso lolimba. Anati mavenda sawonjezera mtengo chifukwa choti mtedza ndi wopanda chuku, ndipo mtedza wonyowetsedwa umalemera pa sikelo. Ndiye mayi wosauka asiyirenji kuwaza madzi, ataye ndalama komanso apweteke zala, chifukwa cha matenda omwe sakuwaona lero? Funso limeneli sitinaliyeserere. Anati anakhala chete pang'ono, kenako anavomera kuti bamboyo akunena zoona, ndipo n'chifukwa chake ngakhale amayi ake enieni sanasiye kuwaza madzi pa mtedza wogulitsa. Anati za msika iye sangazithe panopa, zimafuna ogula olipira bwino mtedza wabwino. Chomwe iye angathe ndi ndowa ya ana, chifukwa mayi amalolera kutaya phindu la ndowa imodzi ukamuuza za mwana wake, pomwe za munthu wosamudziwa wodzadya mtedzawo kutauni sizimukhudza kwenikweni. Bamboyo anafunsanso kuti nanga wodya kutauniyo si munthu? Apa anati anasowa chonena, anangoyankha kuti ndi munthu, ndipo yankho lake alibe.

Pa foni ankalira chifukwa cha funso lomalizali, poganiza kuti walephera. Ine ndinaona kuti yankho loyamba lija linali labwino kuposa chilichonse chomwe ndikanamulembera. Lachiwirilo likanakoma akanawonjezera kuti n'chifukwa chake cholinga chake cha patali ndi kupimitsa mtedza pafupi ndi alimi. Mfundoyo inali kale m'mawu ake, koma sanailumikize. Apa ndikuona kuti ndinaperewera pomukonzekeretsa. Tinalimbikira kwambiri cholinga cha pafupi, cha patali tinangochiika ngati chotsekera, osachifunsa mafunso olimba monga tinachitira ndi fakitale.

Panalinso pomwe anapunthwa pa chinthu chaching'ono. Anamufunsa maphunziro omwe adzatenge chaka choyamba ku Bunda, ndipo sankadziwa. Limeneli ndi funso lomwe tikanalipeza yankho lake pongofunsa wophunzira mmodzi wa kumeneko. Kuyambira pamenepo mwana aliyense amene ndikumukonzekeretsa ndimamulumikiza ndi wina amene akuchita kale maphunziro omwewo, acheze ngakhale mphindi khumi pa foni.

Chakumapeto mayi wamkulu pa atatuwo anasiya Chingerezi n'kumufunsa m'Chichewa kuti, "Mwanangu, amayi ako akudziwa kuti wabwera kudzawanena kuno?" Onse anaseka. Iye anayankha kuti akudziwa, ndipo ndi iwo amene anamuperekeza m'makomo ena aja.

Zotsatira

Yankho linabwera patatha masabata asanu. Anamutenga. Kalatayo sinanene chifukwa chake, choncho sindinganene motsimikiza kuti ndi chuku chinamupambanitsa. Mapointi 15 ochokera pa sekondale yoyendera nawonso amalankhula okha, ndipo mwina akanamutenga ngakhale ndi pepala loyamba lija. Chomwe ndingathe kuchitira umboni n'chakuti chaka chomwecho ndinakonzekeretsa mtsikana wina wa mapointi 14, wopita ku bungwe lomwelo, amene tinalephera kumupezera chinthu chakechake chifukwa anandipeza kutatsala masiku atatu. Anapita ndi mawu osalala bwino onena za kutukula dera. Anabwera n'kundiuza kuti atangomaliza kudzifotokoza, ofunsa anatsegula fomu yake n'kuyamba kumufunsa mzere ndi mzere, ngati akufufuza poyambira. Sanamutenge. Zifukwa zikhoza kukhala zina, koma kusiyana kwa momwe mafunso anayendera ndinakusunga.

Pa holide yoyamba mtsikana wa chukuyu anabweradi, ndipo anakumana ndi gulu la banki m'khonde lija pamodzi ndi alangizi. Mwa amayi 18 anabwera 11. Asanu ndi awiri anavomera zopatula ndowa ya ana. Pa zowaza madzi anamuuza mosabisa kuti akawabweretsere kaye makina osendera, ndiye adzalankhule. Pano akufufuza mtengo wa makina opukusa ndi manja, ndi kuchuluka kwa mtedza womwe amaswa, popeza mtedza wosweka mavenda amaugula motsika.